Chikwangwani chobisika mumpanda: momwe tinatsutsira chindapusa cha mapaundi 70 ku England

Nkhani iyi ndi ya mayi wina wochokera ku Malawi amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo mumzinda wina kumpoto kwa England. Ine ndimathandiza anzathu kulemba makalata opita kumaofesi a boma, ndipo makalata a chindapusa cha malo oimikapo galimoto ndi amene amandipeza kawirikawiri, chifukwa ogwira ntchito yotereyi amaimika galimoto m'misewu yachilendo tsiku lonse. Dzina la mayiwa, la msewu ndi la khonsolo sinditchula.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Julayi, mayiwa anatumidwa kwa gogo amene anali asanapiteko. Anaimika galimoto m'mbali mwa msewu, mkati mwa malo ojambulidwa ndi mizere yoyera yodukizadukiza, nthawi ili 10:20 m'mawa. Atatuluka cha m'ma 11:05 anapeza kathumba kachikasu pagalasi lakutsogolo. M'katimo munali Penalty Charge Notice, imene anthu amangoti PCN, yolembedwa 10:41, ya nambala ya mlandu 12. Nambala imeneyi imatanthauza kuimika pamalo a eni nyumba za mumsewuwo popanda chiphaso. Ili m'gulu la milandu ikuluikulu, choncho chindapusa chinali mapaundi 70, kapena mapaundi 35 akalipira pasanathe masiku 14.

Chinthu choyamba chimene ndimayang'ana ndi mutu wa pepalalo. PCN ya khonsolo imayendera lamulo la Traffic Management Act la 2004, ndipo ili ndi njira yake yodandaulira. Pali pepala lina lofanana nalo kwambiri, lolembedwa Parking Charge Notice, limene amapereka ndi makampani olondera malo a masitolo. Limenelo ndi nkhani ya pangano pakati pa dalaivala ndi mwini malo, ndipo limadandaulidwa kwina. La mayiwa linali la khonsolo, ndiye zonse zimene ndikufotokoza pano ndi za njira ya khonsolo ku England, kunja kwa London.

Kalata yoyamba imene anabwera nayo

Mayiwa anabwera tsiku lotsatira atalemba kale kalata pafoni. Inali yaulemu kwambiri. Inayamba ndi kupepesa, kenaka inafotokoza kuti malipiro awo ndi ochepa, kuti amatumiza ndalama kumudzi, kuti anali kusambitsa gogo wodwala, ndipo inatha ndi kupempha chifundo. Zonsezo zinali zoona. Koma m'kalata yonseyo munalibe chiganizo chimodzi chonena chifukwa chimene anaimikira pamalopo. Nditawafunsa, anayankha mosavuta: "Bambo, ine chikwangwani sindinachione. Ndinatsika, ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe chilichonse. Ndinaganiza kuti ndi malo a aliyense."

Ndinawauza kuti mawu amenewo ndiwo mlandu wonse, ndipo kupepesa kuja kukanawapweteka. Munthu akalemba kuti "pepani ndinalakwa", wogwira ntchito kukhonsolo amawerenga kuti dalaivala wavomera, chatsala ndi kuona ngati angamumvere chisoni. Khonsolo ili nayo mphamvu yokhululuka, ndipo nthawi zina imatero. Koma nkhani ikafika kwa woweruza woima payekha, iye sangafafanize chindapusa chifukwa cha chisoni chokha. Angathe kungopempha khonsolo kuti iganizirenso. Chimene angafafanizire ndi chifukwa chimodzi mwa zifukwa zolembedwa m'malamulo. Chathu chinali chija chimalembedwa pafomu kuti "The alleged contravention did not occur", kutanthauza kuti mlandu womwe ukunenedwawo sunachitike.

Ena amadabwa kuti mlandu ungalephere bwanji kuchitika pomwe galimoto inalidi pamalo a eni nyumba. Yankho lili m'malamulo a 1996 okhudza momwe makhonsolo amakhazikitsira ziletso za m'misewu. Gawo 18 la malamulowo limalamula khonsolo kuika zikwangwani zopereka uthenga wokwanira kwa ogwiritsa ntchito msewu, komanso kuzisamalira kuti zipitirire kutero. Funso silakuti chikwangwani chilipo kapena palibe. Funso ndi lakuti dalaivala wosamala, amene watsika n'kufufuza, akanachiona ndi kuchiwerenga? Ngati sakanatha, chiletsocho sichingamugwire.

Panali zinthu ziwiri zimene mayiwa anafuna kuti tiwonjezere, ndipo ndinawakaniza. Anamva kwa anzawo kuti pali mphindi 10 zaulere. Zilipodi kuchokera mu 2015, koma zimathandiza munthu amene anaimika movomerezeka nthawi yake n'kutha, osati amene akunenedwa kuti sanayenere kuimika n'komwe. Anafunanso kunena kuti osamalira odwala amaloledwa kuimika paliponse. Sizili choncho. Makhonsolo ambiri amapereka ziphaso zapadera kwa osamalira odwala, koma mayiwa analibe. Mfundo yofooka ikalowa m'kalata imapatsa woyankha poyambira: amayankha yofookayo mwatsatanetsatane, yamphamvu ija n'kuilumpha.

Zithunzi

Patsiku la chindapusa mayiwa anajambula zithunzi ziwiri. China chinali cha kathumba kachikasu pagalasi, china cha galimoto yawo chapafupi. Zonse ziwiri zinkangotsimikizira zimene khonsolo inkadziwa kale, zoti galimoto inali pamenepo. Komabe chachiwiricho chinali ndi phindu limene iwo sanalione: kumbuyo kwa galimoto kunkaoneka mpanda wa zitsamba wautali, wotambalala mpaka pakanjira ka oyenda pansi. Chinali chithunzi chokhacho cha tsiku lenilenilo, choncho tinachisunga bwino.

Tisanapite kumsewuko tinatsegula tsamba la khonsolo pa intaneti. Munthu akalemba nambala ya PCN ndi nambala ya galimoto, amaona zithunzi zimene woyang'anira magalimoto anajambula. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, ndipo amalemba kalata asanaone umboni wa mbali inayo. Zithunzi zinalipo zisanu. Zinayi zinali za galimoto: kutsogolo, kumbuyo, galasi lopanda chiphaso, ndi tikiti itamatidwa. Chachisanu chinali cha chikwangwani, chojambulidwa pafupi kwambiri, chooneka bwinobwino: chilembo P choyera pabuluu, mawu akuti "Permit holders only", ndi nthawi yake, "Mon - Fri 8 am - 6 pm". Mayiwa atachiona anafooka, nati, "Basi ndingolipira." Ine ndinaona kuti kumbuyo kwa chikwangwanicho kunali khoma la njerwa zofiira, pomwe kumbuyo kwa galimoto yawo kunali zitsamba zokhazokha.

Tinapita Lachinayi m'mawa, nthawi yofanana ndi ija anaimikira, kuti kuwala kwa dzuwa ndi mithunzi zifanane. Malo amene anaimikapo anali okwana magalimoto asanu. Chikwangwani chake chinalipo chimodzi, pamzati wachitsulo chapakati, koma mpanda wa nyumba ina unakula n'kuumeza mzatiwo kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba. Kuti uchione unayenera kukankha nthambi ndi dzanja. Chikwangwani cha khoma la njerwa chija tinachipeza kutsidya kwa mphambano, pamalo ena oimikapo, moyang'ana kwina, pamtunda wa mapazi 60 a munthu wamkulu kuchokera pomwe panali galimoto.

Lamulo langa pojambula ndi lakuti chithunzi chilichonse chiyankhe funso limodzi limene wowerenga kalata angafunse. Choyamba tinajambula chikwangwani cha dzina la msewu pamodzi ndi pangodya, kuti pasakhale wonena kuti tinajambula kwina. Chachiwiri tinajambula titaima pomwe dalaivala amalowera mumsewuwo, kamera ili pa msinkhu wa maso a munthu wokhala pampando, malo onse asanu akuoneka, mpanda ukuoneka, chikwangwani osaoneka. Chachitatu ndi chachinayi tinajambula titaima pomwe panali chitseko cha galimoto, china kuyang'ana kumanja, china kumanzere, monga amachitira munthu amene watsika n'kumafufuza. Chachisanu chinali cha mzati utalowa m'masamba, nthambi tisanazikhudze. Chachisanu ndi chimodzi ndicho cha dzanja litakankha nthambi, chikwangwani chikuonekera. Chomaliza chinali cha chikwangwani cha kutsidya chija, chojambulidwa patali ndithu kuti khoma la njerwa, mphambano ndi malo athu zionekere pamodzi.

Mayiwa anakayikira chithunzi cha dzanja chija. Anati, "Nanga si tikuwaonetsa tokha kuti chikwangwani chilipo?" Ndinawayankha kuti khonsolo ili ndi mapu osonyeza mzati uliwonse, ndipo tikanena kuti kulibe chikwangwani, akangotsegula mapuwo kalata yathu yonse yagwa. Kunena zoona kuti chilipo koma sichioneka kunali kolimba kuposa kubisa. Pa chifukwa chomwecho tinalemba poyera kuti zithunzi zisanu ndi ziwirizi zinajambulidwa patapita masiku awiri, ndipo tinaziika pambali pa chija cha tsiku lenileni kuti aone okha kuti mpanda ndi womwewo. Zitsamba sizikula kufika pomeza mzati m'masiku awiri.

Pali zina zing'onozing'ono zimene zimawononga umboni wabwino. Foni imasunga tsiku ndi nthawi mkati mwa chithunzi, koma chithunzicho chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, zimenezo zimachoka ndipo chimachepa mphamvu, moti zilembo za chikwangwani zimafufutika. Tinazitenga mwachindunji mufoni. Sitinajambule mivi kapena mizere yofiira pazithunzi zenizenizo; pomwe panafunika kuloza, tinapanga kope lina n'kunena kuti ndi kope. Tinapewanso kuonetsa khomo la gogo uja. Umboni wa nthawi imene mayiwa anali kuntchito tinaupeza kwa bwana wawo, amene analemba kakalata kotsimikiza ola lofika ndi lochoka popanda kutchula dzina la wodwala kapena nambala ya nyumba. Chinsinsi cha wodwala sichigulitsidwa ndi mapaundi 70, ndipo wosamalira odwala amene waulula zotere akhoza kutaya ntchito.

Kalata imene tinatumiza

Kalatayo inali ya Chingerezi, tsamba limodzi. Pamwamba tinaika nambala ya PCN, nambala ya galimoto, tsiku, nthawi, msewu, dzina ndi keyala ya mayiwa. Zimene inanena, m'Chichewa, ndi izi:

"Ndikutsutsa chindapusa ichi chifukwa mlandu womwe ukunenedwawo sunachitike. Chiletso cha pamalo amene ndinaimika sichinasonyezedwe mokwanira.

"Ndinaimika nthawi ya 10:20 m'mawa. Nditatsika ndinafufuza chikwangwani mbali zonse ziwiri za malowo ndipo sindinachione. Chithunzi 1 chikusonyeza msewu. Chithunzi 2 chikusonyeza zimene dalaivala amaona polowa. Zithunzi 3 ndi 4 zikusonyeza zimene munthu amaona ataima pomwe panali galimoto yanga. Palibe chikwangwani chooneka m'zithunzi zimenezi.

"Malowa ali ndi chikwangwani chimodzi chokha, ndipo chaphimbidwa chonse ndi mpanda wa zitsamba, monga chithunzi 5 chikusonyezera. Pachithunzi 6 chikuoneka pokhapokha nthambi zitakankhidwa ndi dzanja. Zithunzi 1 mpaka 7 zinajambulidwa patapita masiku awiri. Chithunzi 8 ndinajambula patsiku la chindapusa, ndipo chikusonyeza mpanda womwewo.

"Chikwangwani chimene chili pachithunzi cha woyang'anira wanu sichapamalo amene ndinaimika. Kumbuyo kwake kuli khoma la njerwa. Chithunzi 7 chikusonyeza kuti chili kutsidya kwa mphambano, pamalo ena oimikapo, ndipo sichiwerengeka kuchokera pomwe panali galimoto yanga.

"Gawo 18 la malamulo a 1996 limafuna kuti khonsolo iike ndi kusamalira zikwangwani zopereka uthenga wokwanira. Ndikupempha kuti chindapusachi chifafanizidwe. Ngati mukana, chonde munditumizire zolemba za woyang'anira wanu za tsikulo, ndipo mundiuze chikwangwani chimene mukudalira.

"Kuwonjezera apo, ndinali pantchito yosamalira munthu wokalamba mumsewu umene ndinali ndisanafikemo, monga kalata ya bwana wanga ikutsimikizira. Ndikupempha kuti muganizirenso zimenezi."

Nkhani ya ntchito sitinaitaye, koma tinaiika kumapeto, m'ziganizo ziwiri, ndipo tinaigwiritsa ntchito kutsekanso khomo lina: munthu wokhala mumsewuwo angauzidwe kuti ankadziwa kale za chiletso, koma mlendo amadalira chikwangwani basi. Chiganizo chakuti "nditatsika ndinafufuza" n'chofunikanso kwambiri, chifukwa yankho lodziwika la makhonsolo ndi lakuti mizere yoyera imachenjeza dalaivala kuti afufuze chikwangwani. Zimenezo n'zoona, ndipo ndi pomwe mlandu wotere umafookera ngati dalaivala anangotseka chitseko n'kumapita. Za woyang'anira uja sitinanene kuti ananama. Mwina anangojambula chikwangwani chimene anachiona pafupi. Tinangosonyeza kuti ndi china.

Tinatumiza kudzera pa fomu ya pa intaneti tsiku lachisanu ndi chimodzi, mkati mwa masiku 14 aja, zithunzi zili ndi manambala ofanana ndi a m'kalata, ndipo tinasunga uthenga wotsimikiza kuti yalandiridwa. Ndinawachenjeza mayiwa kuti asalipire kalikonse podikira, chifukwa khonsolo ikalandira ndalama imatenga kuti nkhani yatha.

Yankho linabwera patatha milungu itatu, lokana. Linati woyang'anira anajambula chikwangwani chooneka bwino ndipo ndi udindo wa dalaivala kufufuza. Za mpanda kapena za khoma la njerwa silinanenepo kanthu, ndipo zolemba zimene tinapempha sanatumize. Linawapatsanso masiku 14 ena olipira mapaundi 35.

Apa ndi pomwe ndimakhala pansi ndi munthu n'kumuuza zonse, chifukwa ndalama ndi zake. Akalipira 35 nkhani yatha. Akapitiriza, mwayi wa theka umatha, ndipo akagonja kumapeto alipira 70. Ndinawauza kuti m'kuona kwanga umboni wawo unali wolimba, makamaka poti yankho lija silinakhudze mfundo yathu yaikulu, koma sindingalonjeze. Pali milandu ina imene ndimalangiza munthu kuti alipire theka n'kupuma, monga pamene chikwangwani chaphimbika pang'ono koma chikuwerengeka, kapena pamene pali china pafupi pamalo omwewo. Mayiwa anasankha kupitiriza.

Kupitiriza kumatanthauza kudikira pepala lotchedwa Notice to Owner. Limeneli silipita kwa amene ankayendetsa, limapita kwa amene analembetsa galimoto ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, pakeyala imene ili pa V5C, imene anzathu amaitcha bulubuku. Nditafunsa, zinapezeka kuti mayiwa anasamuka nyumba chaka chomwecho, anasintha keyala palaisensi, koma pabulubuku sanasinthe. Ziwirizi zimasinthidwa padera. Pepalalo likapita kunyumba yakale munthu osaliona, masiku 28 oyankhira amadutsa, kenaka pamabwera Charge Certificate yokweza chindapusa ndi theka, kuchoka pa 70 kufika pa 105, ndipo pambuyo pake ngongoleyo imalembetsedwa ku Traffic Enforcement Centre ku Northampton, mpaka olanda katundu kufika pakhomo. Anthu ambiri amene ndawaona ali ndi ngongole ya mapaundi mazanamazana anayambira pomwepa, osati pa kugonja mlandu. Tinasintha keyala tsiku lomwelo, tinadziwitsa khonsolo molemba, ndipo mayiwa anapempha amene anatsala kunyumba yakale kuti aziwasungira makalata.

Notice to Owner inafika mu Seputembala. Pofika nthawi imeneyo mwini mpanda wa zitsamba uja anali ataudula, chikwangwani chili poyera. Munthu wa khonsolo akanapita kukaona akanapeza zonse zili bwino. Tinajambulanso, n'kulemba tsiku lake, ndi kunena tokha m'kalata kuti mpanda wadulidwa pambuyo pa chindapusa. Nthambi zodulidwa kumene zinkaoneka, ndipo chithunzi chatsopanocho chitaikidwa pambali pa chithunzi 5 chinasonyeza bwino kukula kwa zimene zinaphimbika.

Dandaulo lachiwirili ndilo la lamulo, ndipo liyenera kufika pasanathe masiku 28. Pafomu tinasankha chifukwa chija chakuti mlandu sunachitike. Kalata inali yomweyo, kuwonjezera ndime ziwiri: ina yonena kuti yankho loyamba silinayankhe za chikwangwani cha khoma la njerwa, ina ya kudulidwa kwa mpanda. Zithunzi zonse tinazitumizanso, osadalira kuti anasunga zoyamba zija, popeza kawirikawiri amene amawerenga ulendo wachiwiri ndi munthu wina. Khonsolo imakhala ndi masiku 56 oti iyankhe, ndipo ikapanda kutero dandaulo limatengedwa kuti lavomerezedwa, choncho tinalemba tsiku la 56 pakalendala. Ikanakana, ikanatumiza Notice of Rejection, ndipo tikanakhala ndi masiku 28 ochita apilo kwa woweruza woima payekha uja ku Traffic Penalty Tribunal, kumene kulibe malipiro ndipo nkhani imatha kumvedwa pafoni kapena pakanema. Milandu ya ku London imapita ku London Tribunals.

Sitinafikeko. Mu sabata lachisanu ndi chimodzi kunabwera kalata yaifupi yonena kuti khonsolo yaonanso zithunzi, yavomereza kuti chikwangwani cha pamalopo chinali chophimbika patsikulo, ndipo chindapusa chafafanizidwa. Mayiwa sanalipire kalikonse. Ndinawapempha kuti asunge kalatayo pamodzi ndi zithunzi, kuopa kuti makina angatumize chikumbutso molakwika. Kampani imene amagwirako ntchito inawalembetsera chiphaso cha osamalira odwala cha khonsoloyo, chimene chimawalola kuimika pamalo a eni nyumba akakhala pantchito, malinga ndi nthawi imene chiphasocho chimalola.